Kalata yopempha makope otsimikizidwa a satifiketi ya kampani

Nkhokwe ya Muloza Limited
Msika wa Limbuli
Mulanje

14 Ogasiti 2023

Kwa Rejisitala wa Makampani
Ofesi ya Rejisitala Jenerale
Fatima Arcade, msewu wa Haile Selassie
P.O. Box 100
Blantyre

Olemekezeka a Rejisitala,

PEMPHO LA MAKOPE ATATU OTSIMIKIZIDWA A SATIFIKETI YOLEMBETSERA KAMPANI YA NKHOKWE YA MULOZA LIMITED, NAMBALA 13746

Ine ndine Esinati Nakhuwa, mmodzi mwa madairekitala awiri a kampani yatchulidwa pamwambayi. Ndalemba kalatayi m'dzina la kampani, mogwirizana ndi mchimwene wanga Fulanki Nakhuwa yemwe ndi dairekitala mnzanga. Tikupempha kuti ofesi yanu itipatse makope atatu a satifiketi imene munapereka pamene kampaniyi inkalembetsedwa, ndipo kope lililonse likhale ndi chidindo ndi siginecha ya ofesi yanu zotsimikiza kuti likufanana ndi zimene zili m'kaundula wanu.

Kampaniyi inalembetsedwa ku ofesi yanu pa 9 Juni 2014, pansi pa lamulo la makampani la 1984 lomwe linkagwira ntchito nthawi imeneyo, lamulo latsopano la 2013 lisanayambe kugwiritsidwa ntchito. Amene anailembetsa ndi malemu bambo athu, a Yohane Nakhuwa. Ntchito yathu ndi yogulitsa mbewu, feteleza ndi zipangizo za kumunda, komanso kugula nandolo ndi chimanga kwa alimi a kuno ku Limbuli ndi midzi yoyandikira malire a Muloza. Dzina la kampani silinasinthepo kuyambira tsiku limenelo, ndipo kampani ikugwirabe ntchito.

Ndifotokoze mmene satifiketi yeniyeniyo inatayikira, chifukwa ndikudziwa kuti ofesi yanu siingatulutse chikalata cha mtundu umenewu popanda kudziwa kuti choyambacho chinapita kuti. Bambo anaiika mu felemu ya galasi n'kuipachika pakhoma kuseri kwa kauntala, pamwamba pa sikelo. Inakhala pamenepo zaka zambiri. Iwo atamwalira mu 2020, ine ndinaitsitsa n'kuiika m'bokosi la chitsulo pamodzi ndi mabuku a ndalama ndi malisiti a msonkho, poganiza kuti m'bokosi ndiye mosungika. Bokosilo linkakhala pansi pa tebulo m'kachipinda ka kumbuyo.

Usiku wa Lamulungu pa 12 Malichi chaka chino, mvula ya namondwe Freddy itakula, madzi analowa m'nyumba yathu yosungiramo katundu ndipo khoma la kumbuyo linagwa. Tinatha kufikako Lachinayi. Bokosi tinalipeza litakwiririka m'matope pakati pa matumba a feteleza amene anasungunuka. Titalitsegula, mapepala onse anali atamatana ngati chigumu. Tinawayanika padzuwa pa malata kwa masiku anayi, n'kumayesa kuwamatula limodzilimodzi ndi mpeni wa patebulo. Mabuku a ndalama ena anapulumuka. Satifiketi inangotsala kachidutswa kakang'ono ka m'munsi, pamene pakuoneka mbali ya chidindo ndi manambala awiri omaliza a chaka. Kachidutswako ndakasunga mu envulopu ndipo ndidzabwera nako kuti mudzakaone ndi maso anu. Choncho satifiketiyo siinabedwe, siinaperekedwe kwa munthu ngati chikole cha ngongole, ndipo palibe amene angaigwiritse ntchito kwina. Zimenezi ndalumbirira pamaso pa majisitireti ku Mulanje, ndipo chikalata cha malumbirowo ndachiphatikiza ku kalatayi.

Mwina mungafunse kuti bwanji sitinangopita ndi fotokope kwa loya kuti atidindire, monga amachitira anthu ambiri. Tinayesa. Tili ndi fotokope imodzi imene bambo anasiya kunyumba m'sutikesi yawo, koma ndi yozilala moti nambala ya kampani imawerengeka movutikira. Loya amene tinamuona ku Limbe anatiuza mwaulemu kuti iye amadinda kope pokhapokha ataona chikalata chenicheni pambali pake, chifukwa chidindo chakecho chimanena kuti waona zonse ziwiri ndipo zikufanana. Sindinatsutsane naye, ananena zoona. Munthu sangachitire umboni chinthu chimene sanachione. Ndiye kwatsala malo amodzi okha kumene kuli umboni woti kampani yathu inabadwa mwalamulo, ndipo malowo ndi kaundula wa ofesi yanu.

Chimene chatifulumizitsa ndi ichi. Chaka chilichonse nandolo akayamba kuuma timatenga ngongole ku banki yogulira nandoloyo kwa alimi, n'kudzabweza tikagulitsa kwa amalonda akuluakulu a ku Limbe. Chaka chino banki yatiuza kuti ikuunikanso mafayilo a makasitomala ake onse a bizinesi, ndipo siingatulutse ngongole mpaka titapereka kope lotsimikizidwa la satifiketi ya kampani. Atipatsa mpaka Lachisanu pa 15 Sepitembala 2023. Tikaphonya tsikulo, pempho lathu lidzayambiranso pachiyambi, ndipo pofika nthawi imeneyo nandolo wambiri adzakhala atapita ndi mavenda. Alimi amene timawagula ndi omwewo amene minda yawo inakokoloka mu Malichi. Ambiri chimanga sanakolole, chiyembekezo chawo chili pa nandolo amene anatsala m'minda ya kumtunda. Mayi wina wa m'mudzi wa kufupi ndi kwathu amabwera pakhomo pa shopu pafupifupi tsiku la msika lililonse kudzafunsa kuti sikelo titsegula liti. Ndimamuuza kuti posachedwa, koma mumtima ndimadziwa kuti zikudikira pepala limeneli.

Kope lachiwiri tikulifuna kuti tikakonzenso kalembera wathu ku bungwe la PPDA, loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, chifukwa timafuna kupitiriza kupikisana nawo pa matenda operekera chimanga ndi nyemba ku sukulu zogonera komweko. Kope lachitatu ndi losunga ife eni. Limeneli sitidzaliikanso m'bokosi la pansi pa tebulo. Tagwirizana kuti lidzakhala kwa mlongo wathu ku Blantyre, ndipo tidzalijambulanso kuti likhale pa kompyuta.

Ndikufuna ndinene momveka kuti sitikupempha kulembetsa kampani yatsopano kapena kupatsidwa nambala ina. Anthu ena otifunira zabwino anatilangiza kuti njira yachidule ndi kungotsegula kampani ina ya dzina lofananako. Tinakana. Nambala 13746 ndi imene ili pa akaunti yathu ya ku banki, ndi imene inagwiritsidwa ntchito potenga nambala yathu ya msonkho ku MRA, ndi imene ili pa pangano la lendi ya malo amene tikuchitirapo malonda. Mbiri yathu yonse ya zaka zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo ngongole zimene tinabweza pa nthawi yake, yamangirira pa nambala imeneyi. Tikufuna kope la chikalata chomwe chija, lokhala ndi dzina lomwelo, nambala yomweyo ndi tsiku lomwelo la 9 Juni 2014. Ngati malamulo a ofesi yanu amalola kuperekanso satifiketi yolowa m'malo mwa yowonongekayo, tidzakondwa kuilandira, koma chimene chikufunika msanga ndi makope otsimikizidwawa.

Pali zinthu ziwiri zimene mungakumane nazo mukatsegula fayilo yathu, ndipo ndibwino muzimve kwa ine. Choyamba, pa mapepala oyambirira mupeza dzina la bambo ndi la amalume athu ngati madairekitala. Bambo atamwalira ndipo amalume atapuma chifukwa cha ukalamba, tinapereka ku ofesi yanu chidziwitso cha kusintha kwa madairekitala mu Novembala 2020, ndipo lisiti yake ndi imodzi mwa mapepala amene anapulumuka, ngakhale ili ndi madontho a matope. Chachiwiri, lipoti la pachaka la kampani la chaka chino sitinapereke pa nthawi yake. Mabuku amene akauntanti wathu amagwiritsa ntchito ndi omwe aja anali m'bokosi, ndipo zamutengera miyezi kuti awalembenso kuchokera ku masitetimenti a ku banki. Lipotilo latha tsopano ndipo ndidzabwera nalo tsiku lomwelo. Ngati pali chindapusa cha kuchedwaku, tidzalipira popanda kuwiringula. Ndingopempha kuti nkhani ya lipotiyi isaimitse makopewa, ngati n'kotheka kuti ziwirizi ziyendere limodzi.

Popeza kampaniyi inalembetsedwa nthawi imene zonse zinkayenda pa mapepala, n'kutheka kuti ofufuza angaipeze msanga m'mafayilo akale kusiyana ndi pa kompyuta. Chonde afufuze ndi nambala komanso ndi dzina lonse monga ndalilembera pamwambapa. Mawu oti Nkhokwe ena amawalemba molakwika kuti Nkokwe, ndipo zimenezi zinatichedwetsapo kale pa nkhani ina.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza chikalata cha malumbiro chija, lipoti la apolisi lonena za kuwonongeka kwa katundu ndi mapepala athu, kalata ya a mfumu a m'dera lathu yochitira umboni za kugwa kwa khoma, fotokope yozilala ya satifiketi, makope a ziphaso za unzika za ine ndi mchimwene wanga, chigamulo cha madairekitala cha pa 7 Ogasiti 2023 chondipatsa mphamvu yolemba kalatayi ndi kulandira makopewo, komanso kope la kalata ya banki yosonyeza tsiku lomaliza lija.

Ndalama zolipirira kufufuza fayilo ndi kutsimikiza makope atatuwa tazikonza kale. Mutiuze kuchuluka kwake ndi njira yolipirira imene ofesi yanu imavomereza, ndipo tidzalipira tsiku lomwelo n'kubweretsa lisiti ya boma.

Makopewo musawatumize pa positi. Ndidzabwera ndekha ku ofesi yanu Lolemba pa 28 Ogasiti 2023 m'mawa, nditatenga chiphaso changa chenicheni ndi kachidutswa ka satifiketi kaja. Ngati pa tsikulo adzakhale asanakonzeke, kapena ngati pali fomu ina yoti ndisaine, ndidzagona ku Blantyre kwa mlongo wanga n'kubweranso mawa lake, kuti ndisachite kukwera minibasi kawiri kuchokera ku Limbuli. Ndikapanda kubwera chifukwa cha matenda kapena zovuta zina, adzabwera mchimwene wanga Fulanki Nakhuwa, yemwe dzina lake lilinso m'chigamulo cha madairekitala. Munthu wina aliyense wobwera m'dzina la kampaniyi musam'patse.

Ndithokoza kwambiri chifukwa cha nthawi yanu ndi thandizo limene mungatipatse pa nkhaniyi.

Ine wanu mwaulemu,

Esinati Nakhuwa
Dairekitala, Nkhokwe ya Muloza Limited

Ndavomereza zonse zalembedwa m'kalatayi:

Fulanki Nakhuwa
Dairekitala, Nkhokwe ya Muloza Limited