Kalata yosiya kupereka nkhuku ndi mazira, pamodzi ndi invoisi yomaliza

Mchini, Chipata
Lolemba, 7 Epulo 2025

Kwa Bambo, eni malo odyera a kufupi ndi msika wa Kapata

Bambo,

Ndikupatsani moni, inu ndi amayi kunyumba. Ndalemba kalatayi kukudziwitsani kuti kuyambira lero ndasiya kubweretsa nkhuku ndi mazira pamalo anu. Za Lachinayi likudzali musayembekezere. Ndakuuzani msanga kuti mupeze nthawi yofuna kwina.

Pamene tinayamba mu 2023 tinapangana kuti mukalandira katundu muzilipira pasanathe masiku 14. Miyezi yoyamba munkasunga mawu, ndipo sindiiwala kuti ndinu munali oyamba kunditengera nkhuku 30 nthawi imodzi, ine ndikugulitsabe imodziimodzi pamsika. N'chifukwa chake ndapirira nthawi yonseyi. Koma kuyambira Okutobala palibe invoisi imene yalipiridwa pa tsiku lake. Masiku 14 anasanduka mwezi, mwezi unasanduka "bwerani Lachisanu".

Chimene chandiwawa kwambiri ndi cha Nc'wala. Munandiimbira foni usiku kuti tauni idzadzaza ndi alendo opita ku Mtenguleni, ndikupezereni nkhuku 60. Ena awiri amene anali ndi ndalama m'manja ndinawakaniza. Ine ndi mwana wanga tinachezera kusosola ndi madzi otentha, poti malaiti kunalibe, ndipo pa 20 Febuluwale m'mawa nkhuku zinali pakhomo panu. Zonse zinadyedwa mlungu womwewo, inu nomwe munandiuza mukuseka. Papita milungu yoposa isanu ndi umodzi, ndalama yake sinathebe. Ndabwera kanayi. Ulendo womaliza ndinakhala pabenchi ya kukhitchini maola awiri, ndikuona mbale za nsima ndi nkhuku zanga zikudutsa, mpaka mtsikana wa pakauntala, wamanyazi, anati abwana atuluka.

Bambo, nkhuku sidziwa kuti kasitomala sanalipire. Imafuna chakudya m'mawa uliwonse kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo kusitolo thumba la makilo 50 sapereka pankhongole. Anapiye amafuna katemera, amafuna makala a m'mbaula usiku wonse. Mwezi wathawu ndinalephera kuoda anapiye atsopano, khola limodzi lili gwa! lopanda kanthu, ndipo pa chilimba chathu ndinachita kubwereka kuti ndisonkhe. Mpamba wanga ndi wochepa, sungathe kuyendetsa bizinesi ziwiri.

Ndikudziwa kuti nanunso zinthu zakwera mtengo. Mukanandikhazika pansi n'kunena kuti zavuta, tikanachepetsa katundu n'kumvana. Koma foni yosayankhidwa sindingapangane nayo kanthu.

INVOISI YOMALIZA, Nambala 47

20 Febuluwale 2025: nkhuku zososola 60, imodzi K130: K7,800
20 Febuluwale 2025: mazira mathireyi 20, imodzi K75: K1,500
6 Malichi 2025: nkhuku zososola 30, imodzi K130: K3,900
6 Malichi 2025: mazira mathireyi 10, imodzi K75: K750
20 Malichi 2025: nkhuku zososola 25, imodzi K130: K3,250
20 Malichi 2025: mazira mathireyi 8, imodzi K75: K600

Zonse pamodzi: K17,800
Zimene munalipira pa 14 Malichi: K3,000
Zimene munalipira pa 29 Malichi: K1,500
NDALAMA YOTSALA: K13,300

Tsiku lomaliza kulipira: Lachisanu, 25 Epulo 2025

Sindinaikepo chiwongoladzanja, ngakhale ya transipoti ya maulendo anayi aja. Mitengo ndi yomwe ija tinagwirizana, ndipo katundu yense anasainiridwa ndi wophika wanu wamkulu m'buku langa. Ngati pali pamene mukuona kuti ndalakwitsa, ndiuzeni mlungu uno tiyerekeze mabuku.

Ndalama mutumize pa Airtel Money, pa nambala imene munatumizira pa 29 Malichi, kapena mundipatse pamanja ndikulembereni risiti. Mtsikana kapena mnyamata wa ntchito musamutume ndi mawu okha. Ngati yonse pamodzi ikulemerani, ndilola magawo awiri: K6,650 pa 14 Epulo ndi K6,650 pa 25 Epulo, koma mundiyankhe polemba pofika Lachinayi, 10 Epulo. Tsiku la 25 likadutsa ndalama isanakwane, nkhaniyi ndidzaipereka kukhoti. Sindikufuna kuti tifike kumeneko, pakuti timakumana kumaliro ndi kutchalitchi, koma ndidzatero.

Makireti anga anayi abuluu ndi beseni lalikulu la chitsulo zikadali kukhitchini kwanu. Mwana wanga adzabwera ndi njinga Loweruka m'mawa kudzatenga. Chonde muwauze anyamata anu azisonkhanitse.

Ine mlongo wanu,
Amake Dalitso
Woweta nkhuku, Mchini