Uthenga wa agogo kwa inu muli ku Joni

Achimwene ndi alamu, agogo anatumiza voisi ya mphindi 19 pa WhatsApp. Ndaimvera kawiri n'kuchotsamo moni wa anthu a m'mudzi monse. Zotsalazo ndi izi.

Miyendo yasiya kutupa, koma mankhwala a BP atsala a masiku 6 okha. Lachiwiri ndipita nawo kuchipatala ku boma.

Ndalama munatumiza ija ailandira. Agula matumba 3 a chimanga ndi malata 8. Malatawo ali kuseri kwa nyumba, awatsamiritsa pa mtengo wa mango, chifukwa mmisiri akuti sakhoma asanaone misomali. Nkhani ya misomaliyi anaibwereza katatu, nanunso mwamva tanthauzo lake.

Kunyanja mwera wavuta sabata yonseyi, amalume sanapalase bwato, usipa wakwera mtengo pa Makawa. Agogo akuti ndiwo ndi nkhwani basi, ngakhale chakumapeto kwa voisiyo ndimamva nkhuku zikulira pakhomo.

Adandaulanso kuti sanamvepo mawu a mwana wanu. Muwaimbire Lachisanu akachoka kumzikiti, foni imakhala ndi anamwino a pafupi aja.

Ine mlongo wanu, ku Mangochi.