Masamba 88

Laputopu ya Tadala inafa Lachitatu usiku cha m'ma 11, thesisi ikufunika Lachisanu 4 koloko madzulo. Sinagwe, sinathiridwe madzi, inangouma ali mkati molemba chaputala 5, ndiye anaizimitsa podina batani kwa nthawi ngati mmene amachitira ikavuta. Poyatsanso sikirini inangoti bii, pakona timawu toyera: No bootable device. Mkatimo mukumveka kaphokoso, tiki tiki tiki, ngati wotchi yapakhoma.

Anayesa kanayi konse, kuzula chaja, kubwezeretsa, kudikira izizire, koma ayi ndithu. Kenako anangokhala pansi manja akunjenjemera. Masamba 94, ntchito ya chaka chathunthu, mafunso omwe anayenda nawo khomo ndi khomo mpaka nsapato kutha, zonsezo zili mkati mwa chinthu chomwe chikungolira tiki tiki.

"Iwe Tadala, watani?" anatero Chisomo, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, akudzuka.

"Yafa."

"Fulashi ija ulibe?"

Fulashi inalipo inde, koma zinali mmenemo zinali za miyezi iwiri yapitayo, zolekeza chaputala 3, a supavaiza asanakonze n'komwe. Usiku umenewo tulo sanatione.

M'mawa analawirira kwa wokonza makompyuta, Chisomo ali pambuyo. Mkuluyo anaiyatsa kamodzi, kutchera khutu, n'kuizimitsa msanga.

"Asisi, hadi disiki yapita iyi. Phokoso mukumvali ndi kasingano kowerenga kamene kakugunda, ndipo mukamaiyatsayatsa kamakanda disikiyo, zinthu n'kumaonongekeratu. Kuyesa kuchotsa mafayilo tingayese, koma si za lero kapena mawa, komanso sindingakulonjezeni. Pa kilaudi simunasungeko?"

Tadala anapukusa mutu, misozi ili lengelenge. Koma Chisomo anamugwira mkono mwamphamvu.

"Dikira kaye. Google Drive ija ndinakuikira tikuyamba chaka, nthawi ya ntchito ya pagulu ija, foda yako ya sukulu sindinailumikize? Unkadandaula kuti ikukudyera bandulo!"

Zoona, ankadandaula. Akalumikiza laputopu ku foni ankaiimitsa kaye, koma akakhala ku laibulale pa wayifayi ankangoisiya, osaiganiziranso, poti malo aulere a 15 GB aja sanadzadzepo ndiye sinkamuvutitsa ndi mauthenga.

Anathamangira ku laibulale onse awiri. Pa kompyuta ya kumeneko pasiwedi inakana kawiri, zala zikungoterereka, kachitatu inalola kenako ikuti tsimikizani pa foni, foni yake batire ili pa 4 peresenti, Chisomo akusakasaka chaja mchikwama uku akupemphera chamumtima. Khodi inabwera. Foda inatseguka pang'onopang'ono, mafayilo akutuluka limodzi limodzi, matebulo a deta, mawu a anthu omwe anawajambula, ndipo pansi penipeni thesis_final3.docx, losinthidwa komaliza Lachiwiri 5:42 madzulo, nthawi yomwe anatuluka mu laibulale muja.

Analitsegula n'kutsetsereka mpaka kumapeto. Masamba 88.

Analira mokweza mpaka anthu kutembenuka, ndipo woyang'anira laibulale, mayi wachikulire amene salola ngakhale kunong'ona, anafika pafupi, kuyang'ana sikirini, kumusisita paphewa n'kubwerera pampando wake osayankhula kanthu.

Masamba 6 omwe analemba Lachiwiri usiku ndi Lachitatu kuchipinda, intaneti ili yozimitsa, amenewo anapita basi. Ndipo anali opweteka kuwataya chifukwa ndi mmene munali mfundo yomwe inamuzunguza mutu milungu itatu, pomwe zotsatira zake zimasemphana ndi zomwe ena anapeza kale. Analembera a supavaiza uthenga kuwafotokozera zonse. Anayankha mwachidule: "Pepani kwambiri Tadala. Tsiku sindingathe kusintha, koma lembani, mukamaliza nditumizireni ngakhale usiku ndiwerenga."

Chisomo anamubwereka laputopu yake, iye n'kumawerengera mayeso pa foni. Tadala analemba Lachinayi lonse mpaka mbandakucha, kope lake la manotsi lili pambali, ziganizo zina zikubwera zokha mmene zinalili, zina zikukana mpaka kuziganiza mwatsopano. Ndime iliyonse akamaliza maso amathamangira pa kachizindikiro kosonyeza kuti fayilo lakwera, akaona kuti zatheka ndiye n'kupuma, n'kupitiriza. Masamba 6 aja anatuluka 5 ndi theka. A supavaiza anawerengadi, cha m'ma 6 m'mawa anabweza atakonza malo atatu okha.

Lachisanu 3:20 anatumiza. Imelo yotsimikiza itafika anaiwerenga kawiri, n'kuionetsa Chisomo, yemwe anangoti "eya" n'kumukumbatira.

Pobwerera anadzera kwa wokonza uja kukatenga laputopu yake. Anali ataikamo disiki ina, yakale ija ataikulunga mu kapepala.

"Iyi titaye, asisi?"

Tadala anaitenga, kuitembenuza m'manja, kanthu kakang'ono kosaposa chikhatho chake.

"Ayi achimwene, ndipatseni. Muli masamba anga 6 mmenemu."