Koteshoni ya logo, malebulo atatu ndi zithunzi za katundu wanu

Lachiwiri, 3 Juni 2025

Mayi Banda,

Ndikhulupirira muli bwino. Zikomo pondilandira ku Chirimba Lachisanu ndi kundionetsa momwe mumapangira katundu wanu. Monga tinagwirizana, ndalemba pano ntchito yomwe ndigwire, mtengo wake ndi kalipiridwe kake. Popeza aka nkoyamba kugwira ntchito limodzi, ndalemba zonse mwatsatanetsatane. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanatumize ndalama iliyonse, ndipo pomwe simukugwirizana napo mundiuze tikambirane.

Ntchito ndi mitengo yake ili motere:

Logo ya bizinesi yanu: K180,000
Malebulo atatu, a botolo la tsabola wa kambuzi la 250 ml, botolo la chiponde la 500 g ndi paketi ya nsinjiro ya 1 kg, lililonse K90,000: K270,000
Zithunzi 12 za katundu, zojambulidwa ndi kukonzedwa: K80,000
Chikwangwani choimika cha kuchionetsero ndi kapepala kogawira anthu, ka mbali imodzi: K70,000
Zonse pamodzi: K600,000

Mtengowu ndi wa ntchito yojambula ndi kukonza pa kompyuta basi. Kusindikiza mulibemo. Ndalama ya masitika, chikwangwani ndi timapepala mudzalipira nokha kwa osindikiza omwe mudzasankhe. Ndikhoza kukufunsirani mitengo m'malo awiri, ku Ginnery Corner ndi ku Limbe, ndipo tsiku loona sitika yoyeserera ndidzapita nanu osalipiritsa. Ndalama ya osindikiza sindiigwira m'manja mwanga, ndipo sindiikapo kanga pamwamba.

Pa logo, ndidzakubweretserani maganizo atatu osiyana. Mudzasankha amodzi, ndipo amenewo tidzawakonza kawiri. Kukonza kumodzi ndiye kuti mwasonkhanitsa zonse zomwe mukufuna zisinthe, zanu, za bambo ndi za aliyense yemwe mwamuonetsa, nkunditumizira mu uthenga umodzi. Malebulo nawonso ali ndi mpata wokonza kawiri lililonse. Kukonza kwachitatu ndi kwina kulikonse kotsatira ndi K15,000. Ngati titayamba kale malebulo inu nkuganiza zosintha logo yonse kapena dzina la katundu, imeneyo ndi ntchito yatsopano ndipo ndidzayamba ndakuuzani mtengo wake. Ndikupemphanso kuti wondipatsa mayankho akhale munthu mmodzi, inuyo. Ndikamalandira mawu kwa anthu awiri ntchito imabwerera m'mbuyo, ndipo woluza nthawi mudzakhala inu.

Pomwe ndikufuna timvetsetsane kwambiri ndi pa malebulo, chifukwa ndi pomwe ndalama imatayika mosavuta. Mawu onse olembedwa pa lebulo achokere kwa inu, olembedwa, osati a pakamwa kapena a pa foni: dzina la katundu, zinthu zomwe mwaikamo kuyambira chochuluka kutsikira ku chochepa, kulemera kapena kuchuluka kwake, dzina ndi adiresi ya opanga, komanso kasungidwe kake. Ine ndidzasiya malo oyera pomwe muzidinda tsiku lopangira, tsiku lothera mphamvu ndi nambala ya gulu la katundu lomwe mwapanga tsikulo, chifukwa zimenezi zimasintha nthawi iliyonse ndipo siziyenera kusindikizidwa pa sitika. Ngati mu tsabola muja mumaikamo mafuta kapena china chochokera ku mtedza, chilembedwe pooneka, pali anthu omwe thupi lawo limadana ndi mtedza koopsa. Ndidzayala mawuwo kuti aziwerengeka bwino ndipo ndikaona cholakwika ndidzakuuzani, koma kuti zolembedwazo nzoona, udindo umenewo ndi wanu.

Munafunsa ngati ndingaikepo chizindikiro cha a Malawi Bureau of Standards. Malo ake ndisiya, koma chizindikirocho sindichiika mpaka mutandionetsa chikalata chosonyeza kuti katunduyo amuyeza ndipo akulolani kuchigwiritsa ntchito. Ndikudziwa kuti mwayamba kale kuyendera zimenezi. Langizo langa ndi lakuti lebulo likatha mupite nalo kwa iwo aliwone musanasindikize zambiri. Akanena kuti pasinthe mawu kapena kukula kwa zilembo, kusintha kumeneko ndidzakupangirani ulere kamodzi pa lebulo lililonse, ndipo sikudzawerengedwa pa kuwiri kuja. Za bakhodi, yomwe masitolo akuluakulu amafuna kuti katundu adutse pa makina olipirira, nambala yake mudzandipatse ndinu. Ine sindipeka nambala, ndimangoiyika pa lebulo pa kukula koti makina aiwerenge.

Ndidzafuna mabotolo awiri enieniwo ndi paketi imodzi, zopanda kanthu, kuti ndiyeze ndekha. Botolo la kambuzi lija ndi lopyapyala kukhosi, ndipo lebulo likatalika pang'ono chabe limachita makwinya. Ndikuonanso kuti pa tsabola ndi chiponde musagwiritse ntchito sitika ya pepala wamba. Botolo la tsabola limalowa mu fuliji nkumachita thukuta, la chiponde limagwidwa ndi manja a mafuta, ndipo pepala limanyowa nkuyamba kusupuka katundu asanathe. Sitika ya pulasitiki ndi yokwererapo mtengo koma imapirira. Pa nsinjiro pepala likhoza kukwanira. Chisankho ndi chanu, ine ndangonena zomwe ndikanachita akanakhala katundu wanga.

Dziwaninso kuti mtundu womwe mukuona pa foni sufanana ndendende ndi wotuluka pa makina osindikizira, makamaka wofiira, womwe ndi mtundu waukulu pa botolo la kambuzi. Nchifukwa chake ndikupempha kuti osindikiza ayambe atulutsa sitika imodzi, tiimate pa botolo, muiwerenge liwu ndi liwu, kenako mundilembere kuti mwavomereza. Mukavomereza ndipo masitika nkusindikizidwa, cholakwika chopezeka pambuyo pake ndidzachikonza mu fayilo, koma ndalama yosindikiziranso sidzakhala yanga. Pokhapokha ngati fayilo yomwe ndinatumiza kwa osindikiza ikusiyana ndi yomwe munavomereza, pamenepo mlandu ndi wanga ndipo ndidzabweza ndalama ya kusindikiza kumeneko.

Zithunzi tidzajambulira kwanu ku Chirimba, tsiku limodzi m'mawa, malebulo atamatidwa kale pa mabotolo. Mayendedwe anga a mkati mwa Blantyre ndi Limbe ali kale mu mtengo. Mukafuna kuti tikajambulenso alimi omwe mumagula kwao mtedza, ulendo umenewo tidzaukambirana paokha.

Za kalipiridwe: theka loyamba, K300,000, lilowe ndisanayambe. Theka lachiwiri, K300,000, mudzalipira mukavomereza logo, malebulo, chikwangwani ndi kapepala, ndisanatulutse mafayilo omaliza. Kufikira nthawi imeneyo zomwe ndizikutumizirani zidzakhala zoti muone chabe, zokhala ndi dzina langa pamwamba. Kuti sitika yoyeserera ituluke, fayilo yake ndidzapita nayo ndekha kwa osindikiza. Zithunzi zija zimabwera pambuyo pa malipiro achiwiri chifukwa zimadikira masitika, ndipo ndidzazipereka pasanathe masiku 5 ogwira ntchito kuchokera tsiku lojambula.

Mukhoza kulipira kudzera ku banki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Nambala ya akaunti ndi za pa foni zili pa invoisi yomwe ndamangirira ku imelo ino. Ndalama yotumizira ndi yanu, kotero yofika kwa ine ikhale yathunthu. Mukalipira munditumizire umboni wake, ine ndikupatsani risiti tsiku lomwelo. Mukalandira uthenga wonena kuti ndasintha nambala yolandirira ndalama, musatumize musanandiimbire ndi kumva mawu anga. Sindili m'kaundula wa VAT, choncho pa K600,000 sipawonjezeka msonkho umenewu. Ngati bizinesi yanu ili m'gulu la omwe amadula msonkho pa malipiro nkukapereka ku MRA, mundiuze tisanayambe, ndipo mudzandipatse chikalata chosonyeza ndalama yomwe mwadula. TPIN yanga ili pa invoisi.

Nthawi ndiyamba kuwerenga tsiku lomwe zinthu zitatu zakwana: dipoziti, mawu a pa malebulo ndi mabotolo. Maganizo a logo mudzawaona pakatha masiku 5 ogwira ntchito. Logo ikavomerezedwa, malebulo onse atatu atenga masiku 7, chikwangwani ndi kapepala masiku 3. Mukamayankha mkati mwa masiku awiri kapena atatu, zonsezi zitha m'masabata asanu, ndipo mukhala ndi mpata wosindikiza chionetsero chomwe mukukonzekera ku Chichiri chisanafike. Osindikiza amadzaza ntchito chionetsero chikayandikira, ndiye ndi bwino kuti ife tifike kwao msanga. Yankho likachedwa kwa inu, tsiku lomaliza lisuntha ndi masiku omwewo. Kuzima kwa magetsi sindidzakupatsani ngati chifukwa chochedwera, ndili ndi pogwirira ntchito pena. Ndikadwala kapena kukagwa zovuta, ndidzakudziwitsani tsiku lomwelo ndi kukupatsani tsiku latsopano.

Mukaganiza zosiya ntchitoyi ndisanakuonetseni maganizo a logo, ndidzakubwezerani dipoziti yonse kupatula K30,000 ya nthawi yomwe ndayamba kale kugwiritsa ntchito. Mukasiya nditakuonetsani kale, dipoziti sibwerera. Pakadutsa masiku 30 osamva kwa inu, ndidzaiona ntchitoyo ngati yaima, ndipo poyambiranso tidzaonanso mtengo wa zomwe zatsala. Ndikalephera ndine, ndidzabweza pasanathe masiku 7 ndalama ya gawo lililonse lomwe sindinapereke.

Mukamaliza kulipira, logo ndi malebulo ndi zanu kotheratu, ndipo ndidzakulemberani kalata yosainidwa yopereka umwini kwa inu, kuti mukhale ndi umboni pansi pa lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016. Mudzalandira mafayilo a PDF okonzeka kusindikiza, PNG a pa WhatsApp ndi Facebook, ndi SVG ya logo yomwe imakula kufika pa chikwangwani osawonongeka. Ndikupatsaninso mafayilo otheka kusintha, kuti mawa mukafuna kugwira ntchito ndi munthu wina musadzachite kundisaka. Maganizo awiri a logo omwe simunasankhe atsala anga. Kulembetsa logo ku boma ngati chizindikiro cha malonda anu ndi nkhani ina, yosalowa mu mtengowu, koma ndikukulimbikitsani kuti mudzatero katundu asanafalikire m'masitolo. Ndikupemphanso chilolezo choonetsa ntchitoyi kwa makasitomala ena katundu akadzatuluka pa msika. Ngati simukufuna, ingonenani, ndidzalemekeza.

Mitengoyi ikhala chomwechi mpaka Lachiwiri pa 17 Juni. Kupyola apo ndiyenera kuionanso, mukudziwa momwe zinthu zikukwerera.

Ngati zonsezi zili bwino kwa inu, muyankhe imelo ino ndi mawu akuti mwavomereza koteshoni ya K600,000 ndi mfundo zake. Yankho limenelo ndi lomwe likhale mgwirizano wathu. Mabotolo ndikhoza kudzatenga Lachisanu lino masana, ngati mudzapezeke.

Zikomo kwambiri mayi,

Ine wanu,
Chikondi
Chitawira, Blantyre