Kapinda lilime ka ophunzira Chichewa

Ophunzira anga a Loweruka, nayi ija ndinalonjeza, muziwerenga mokweza katatu osapuma. Ikani kapepala patsogolo pa mlomo, pa "pha" kagwedezeke koma pa "pa" kangokhala phee, apo bii mwalakwa.

Pala mphika, phala lapsa,
phala lapsa, pala mphika,
mphaka wa aPhiri wapsa phazi pa phulusa,
wapita pa mphasa kukapuma,
mphepo ya pa phiri yapita ndi pepala la aPhiri.

Tenga nthenga, mthenga, thamanga,
mthenga watenga nthenga zitatu wathawa,
nthochi zathothoka, thumba latha, atate atopa.

Apa nde ambiri mumagwapo, ng' ija g wake samveka ayi, mawu amatulukira m'mphuno. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana, musandiimbire nyama chonde.

Ngoma yagunda ng'oma, ng'oma yang'ambika,
ng'ombe ya aNgozo yayang'ana ngolo,
ng'ona yaing'ono ikung'ung'udza,
ati ngongole ya ng'ombe njaing'ono.

Nkhuku ya nkhuli yakwera nkhokwe,
khoswe wakwiya wakhala pa nkhuni,
khwangwala wa khosi loyera wakana nkhwani,
akuti nkhwani wa mu nkhali ngwokhakhala kukhosi.

Ntchentche ya m'tchire yatera pa tsache,
tsekwe watseka chitseko cha tchalitchi,
tcheya watsala, watchona, ntchito yatsika mtengo.

Amene amalize ya nkhukuyo osaluma lilime ndimugulira mandasi awiri, tiyi adzigulire yekha.