Zochita za bungwe la amayi la ku Chawama

Amayi, papepala limene alembi anajambula pa foni inki inafufutika, ndiye ndalembanso kuti aliyense aone ntchito yake.

1. Amake Tisa: kusonkhanitsa zopereka za maliro, K50 munthu aliyense, pofika Lachisanu pa 14 Malichi.
2. Asungichuma: kugula matumba awiri a ufa ku Soweto Market, Loweruka pa 15. Lisiti libwere, chonde, chifukwa mwezi watha tinakangana pa nkhani yomweyi.
3. Alembi: kulembera akhansala za ngalande yotsekeka ija, pasanafike pa 18. Madzi akulowa m'nyumba za anzathu, izi zisachedwe.
4. Tonse: kusesa pa tchalitchi Loweruka pa 22, 7 koloko m'mawa.