Chakudya cha Tadala lero Lachinayi

Azakhali,

Pepani ndanyamuka musanadzuke, minibasi ya ku Mponela imafuna kulawirira. Maphunziro athu akutha 4 koloko, ndiye ndikhala ndafika cha m'ma 6 madzulo ngati msewu uli bwino. Tadala ndamuyamwitsa 5 koloko, wakhuta ndipo wagonanso. Ndalemba zonse pano kuti musavutike kukumbukira zimene tinakambirana usiku zija.

Mkaka ndafinya uli mufiriji, m'timabotolo tinayi totsekera. Titatu ndalembapo 1, 2 ndi 3, kalikonse muli mamililita 120. Kachinayi kali ndi mamililita 60 okha, n'kongodikirira ngati ndingachedwe. Musauwiritse pamoto chonde. Ikani kabotolo m'mbale ya madzi ofunda kwa kanthawi, kenaka mudonthezeko pang'ono kuseri kwa dzanja lanu. Ukamveka wofunda ngati thupi, ndiye kuti wafikapo. Mum'mwetsere m'kakapu kobiriwira kaja atakhala tsonga pamwendo panu, azimwa yekha pang'onopang'ono. Ukatsala m'kapu n'kupita maola awiri, tayani, musaubwezere mufiriji.

8 koloko: mkaka nambala 1, wonse.

10 koloko: phala. Ufa wa mgaiwa uli m'chidebe chofiira, nsinjiro zili m'kabotolo pambali pake. Ufa masupuni aakulu awiri, nsinjiro supuni yaikulu imodzi. Likhale lolimbako, loti mukapendeketsa supuni lisamachite kuyenderera ngati madzi. Kusikelo anatiuza kuti phala lamadzimadzi limangodzaza mimba mwana osapezamo kanthu. Mum'pakulire theka la kapu ya mamililita 250, ndajambula mzere ndi cholembera pakapu yoyera ija. Nthawi zambiri amadya masupuni asanu kapena asanu ndi imodzi, akatero amayamba kutembenuzira nkhope kumbali. Shuga ndi mchere ayi.

12 koloko: mkaka nambala 2. Akatha pamenepa amagona, mwina ola limodzi ndi theka. Amakonda kugonera kumbuyo, chitenje chake chili pampando.

2 koloko: dzungu lophika lili m'kambale kovundikira mufiriji. Mulitenthetse mpaka litenthe bwinobwino, mulisiye lizizireko, ndiye muliphwanye ndi foloko pamodzi ndi theka la dzira lowiritsa. Dziralo lipse mpaka mkati. Masupuni aakulu atatu kapena anayi akwana. Theka linalo mudye ndinu, lisasungidwe.

4 koloko: mkaka nambala 3. Akaoneka kuti akufunabe, m'phwanyireni theka la nthochi yakupsa.

Madzi owiritsa ali mufulasiki yaing'ono. Akatha phala ndi dzungu mum'patse pang'ono pokha, masupuni atatu kapena anayi, kuti asakhute madzi n'kukana mkaka.

Tsopano Azakhali, ili ndi pempho langa, musandimve molakwika. Ndikudziwa kuti munalera ana asanu ndi mmodzi, ndi ine ndemwe ndinakulira m'manja mwanu. Koma Tadala ali ndi miyezi 7 yokha, ndipo chakudya wayamba mwezi wathawu. Akatseka pakamwa musam'kakamize, ngakhale mbale itatsala theka. Sabata yatha bambo ake anaumirira kuti amalize, mwana anasanza zonse pamalaya awo akuntchito, n'kukhala tsiku lonse akunyanyala supuni. Ingodikirani pang'ono muyeserenso, akakananso m'siyeni.

Mukamamwa tiyi adzakulondolani ndi maso mpaka kukugwirani kapu, amatero ndi aliyense. Musam'mvere chisoni. Tiyi, sobo, uchi ndi mkaka wa ng'ombe uli m'paketi uja asalawe. Uchi makamaka, mpaka atakwanitsa chaka. Ana a kwa aneba akabwera kudzamusewera muwayang'anitsitse, tsiku lina ndinapeza atam'gwiritsa chimanga chokazinga m'manja. Mtedza wosasinja nawonso ayi, angatsamwe.

Akumera mano awiri am'munsi, choncho akumalira ndi kuluma chilichonse. Si njala nthawi zonse. Yambani mwaona thewera, kenaka m'patseni kansalu koyera konyowa kali pambale kaja azitafuna.

Magetsi akazima musamatsegule firiji pafupipafupi, mkaka ukhalabe wozizira kwa maola angapo. Sopo ali pa beseni, ndipo kapu ndi supuni zake muzitsuka padera.

Akatentha thupi, akatsegula m'mimba kapena akakana mkaka kawiri motsatizana, mundiimbire nthawi yomweyo, foni ndiisiya yotsegula ngakhale m'kalasi. Ndakuikirani mayunitsi. Buku lake la kusikelo lili m'thumba lakutsogolo la chikwama cha matewera. Bambo a Tadala aweruka 5 koloko.

Ndiwo zanu ndi usipa wotendera uli mumphika waung'ono, ufa woyera mukudziwa pamene umakhala. Musadzimane chifukwa cha mdzukulu wanuyu.

Zikomo kwambiri Azakhali,
Ndine mwana wanu,
Make Tadala